Ulendo wa aphunzitsi a ku Katete ku Chipata: za mawu oyambira funso

Tinanyamuka ku Katete m'mamawa wa Lachisanu, aphunzitsi asanu ndi mmodzi a mbiri yakale, kukacheza kwa anzathu pa sukulu ina ya sekondale ku Chipata. Aliyense anatenga mafunso a chimangirizo amene anapatsa ana ake temu yatha.

Titafika, mayi amene amatsogolera gawo la mbiri kumeneko anawerenga funso langa mokweza: "Fotokozani ulendo wa Angoni." Kenaka anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mumafuna mwana alembe chiyani?" Ndinati ndimafuna zifukwa zimene Angoni anachokera kummwera. Iwo anangomwetulira n'kutulutsa pepala la mwana wanga wina limene ndinapatsa malikisi 6 pa 20. Mwanayo analemba bwinobwino za Zwangendaba, za kuwoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, mpaka Mpezeni kufika kuno. Anayankha zimene ndinafunsa, ine n'kumulanga chifukwa cha zimene ndinasunga mumtima.

Vuto lake n'lakuti "fotokozani" wathuyu amasenza katundu wa mawu awiri amene pachingerezi ndi osiyana. Choncho tinagwirizana kuti asamayende yekha. Ukafuna kuti mwana angoyala zimene zinachitika motsatana, lemba kuti "Longosolani mmene Angoni anayendera." Ukafuna zifukwa, nena poyera: "Fotokozani chifukwa chake Angoni anachoka kummwera." Apa mwana amene wangotchula nkhondo za Shaka sanamalize, ayenera kuonetsa mmene kugonja kwa Zwide, mfumu ya Andwandwe imene inamenyana ndi Shaka, kunachititsira anthu a Zwangendaba kuthawa. Pochonga, ukaona ndime yonse ilibe "chifukwa" kapena "motero", dziwa kuti mwanayo akungosimba nkhani.

"Unikani" ndiye anatidyera nthawi mpaka nsima kuzizira. Mayiwo anati liwuli silikwatirana ndi mutu wamba, limafuna mfundo yoti munthu angaitsutse. "Unikani ulendo wa Angoni" mulibe chounika. Koma "Unikani mfundo yakuti Angoni a Mpezeni anagonja mu 1898 chifukwa cha mfuti za azungu zokha" likukakamiza mwana kuyeza mfutizo pamodzi ndi zifukwa zina, kenaka n'kugamula yekha. Mnzathu wina anadandaula kuti ana a giredi 10 sangakwanitse. Ine sindikuvomereza kwenikweni, koma n'zoona kuti funso lotere silingapatsidwe malikisi 5 ndi mizere isanu.

Tisanatsanzike tinasinthana ndandanda zochongera. Yanga ya funso lina la "unikani" inali ndi mfundo khumi, iliyonse malikisi 2, popanda ngakhale limodzi la chigamulo cha mwana. Woloweza manotsi akanatenga onse 20. Ndinayamba kuikonza m'minibasi momwemo, ndipo podutsa pa Mtenguleni n'kuti nditapatula kale malikisi 6 a kuyeza mbali zonse ndi 4 a chigamulo.