Kukonda thupi kapena kungolisiya likhale thupi, zomwe ndatolapo mu kosi ya uphungu

Temu ino pa kosi yathu ya uphungu kuno ku Chipata takhala tikukamba za mmene munthu amaonera thupi lake, ndipo gawo lomwe landigwira mtima ndi la njira ziwiri zomwe anthu amatsutsana nazo, bodi pozitiviti ndi bodi nyutiraliti. Yoyamba imati konda thupi lako, ndiwe wokongola mmene uliri. Yachiwiri imati sukakamizidwa kulikonda olo kulida, thupi ndi thupi chabe, maonekedwe asakhale sikelo yoyezera kuti ndiwe munthu wofunika bwanji. Funso lomwe aphunzitsi anatipatsa linali lakuti, munthu amene akuvutikadi, amene akaona galasi mtima umagwa, timuyambitse ndi iti?

Mbiri yake mwachidule. Ya kukonda thupi inachokera ku Amerika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pomwe anthu onenepa anayamba kulimbana ndi tsankho, bungwe lowamenyera ufulu la NAAFA linayamba mu 1969, ndiye poyamba inali nkhani ya ufulu, kuti munthu asamanidwe ntchito kapena kunyozedwa kuchipatala chifukwa cha thupi. Itafika pa Insitagiramu inasanduka kwambiri ya zithunzi ndi mawu akuti aliyense ndi wokongola. Ya kungolisiya thupi ndi yaposachedwa, inayamba kumveka cha mu 2015 ndipo dzina lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi la Anne Poirier, mlangizi wa za kadyedwe wa ku Amerika.

Manje chomwe chandipangitsa kutsamira mbali ya kungolisiya thupi ndi kafukufuku wa Joanne Wood ndi anzake ku yunivesite ya Waterloo ku Canada mu 2009. Anauza anthu kuti azibwereza mawu akuti ndine munthu woyenera kukondedwa, kenako anayeza mmene akumvera. Omwe ankadzidalira kale anamvako bwino pang'ono, koma omwe ankadziona otsika anamva kuipa kuposa anzawo omwe sanawauze kunena kalikonse. Chifukwa chake sichovuta kumva, ukauza mtima chinthu chomwe chili kutali kwambiri ndi zomwe umakhulupirira, mtima umayankha, umayamba kutulutsa umboni wonse wotsutsa, zomwe anakunena kusukulu, zomwe ananena azakhali pa maliro paja, ndiye munthu amamaliza ali ndi mavuto awiri, kuda thupi lake komanso kudziimba mlandu kuti akulephera olo kudzikonda komwe aliyense akuti nkosavuta. Kafukufukuyu sanali wa thupi mwachindunji koma njira yake ndi yomweyo ya kuima pagalasi nkumati ndine wokongola.

Sindikuti ya kukonda thupi ilibe ntchito iyayi. Mu 2019 Rachel Cohen ndi anzake ku Australia anaonetsa atsikana zithunzi za matupi osiyanasiyana zokhala ndi uthenga wolimbikitsa, ndipo atsikanawo anakhutira ndi matupi awo kuposa omwe anaona zithunzi za anthu owonda okhaokha. Koma anapezanso kuti maganizo awo anakhalabe pa maonekedwe. Apa ndipo pali nkhani, chifukwa vuto la munthu wodana ndi thupi lake sikuti chabe amadziona woipa, koma kuti tsiku lonse amakhala akudziyang'ana ngati ali panja pa thupi lake, akuyenda mumsika wa Kapata koma mutu uli pa kodi akundiona bwanji kumbuyoku. Ukamuuza kuti ndiwe wokongola wasintha yankho koma funso lija likadali pompo.

Mabuku athu ambiri amakamba za atsikana ofuna kuwonda, koma kwathu kuno nthawi zambiri zimatembenuka. Munthu akakuuza kuti mwanenepa amakhala akukuyamikira kuti zikuyenda, ndipo amene wawonda ndiye amayamba kunong'onedwa kuti kapena akudwala, tonse tikudziwa matenda omwe anthu amatanthauza. Ndiye mkalasi tinagwiritsa ntchito nkhani yoyeserera yogwirizana ndi kuno. Mtsikana wa zaka 22, amagulitsa salaula, anadwala chifuwa chachikulu, anamaliza mankhwala ake a miyezi 6 nkuchira koma thupi silinabwerere mmene linalili. Amavala maleginzi awiri mkati mwa siketi, amamanga chitenje chochindikala kuti mahipi aoneke, anasiya kupita ku kwaya, sajambulitsa, ndipo amamwa kamankhwala kamadzi konenepetsa kogula pamsika. Mankhwala ambiri otere amakhala ndi saipuroheputadini, mankhwala a ziwengo omwe amapatsa njala komanso tulo tambiri, munthu amangosinza pa ntchito.

Pomuthandiza mtsikanayu, choyamba si uphungu ayi, nkuonetsetsa kuti thupi lili bwino. Ngati sikelo ikutsikabe, akutuluka thukuta usiku, akutsokomola kapena ludzu silikutha, apite kukiliniki akayezetse kaye, osamuuza kuti vomereza thupi lako pomwe pali matenda. Mu nkhani yathu zonse zinali bwino, sikelo inaima malo amodzi.

Chachiwiri nkuwerenga zomwe amachita, osati zomwe amamva zokha. Amalemba kwa sabata imodzi nthawi iliyonse yomwe wadzifufuza, kuyang'ana pagalasi, kudziona pa windo la shopu, kuzunguliza zala pa mkono kuti aone ngati wakula, kufunsa mnzake kuti kodi ndikuoneka wodwala. Tinene kuti zatuluka 30 pa tsiku. Kudzifufuza kumatonthoza kwa mphindi zochepa koma nkhawa imabwerera yokulirapo, zili ngati kukanda mphere. Sitimuuza kuti leka lero lomwe, timagwirizana kuti sabata yamawa zitsike kufika 20, kenako 10, mpaka galasi litsale la posamba kumaso ndi povala chabe.

Chachitatu ndiye mtima wa njira yonse, ndipo ndi chomwe tinayeserera awiriawiri. Munthu amaima pagalasi lalitali mphindi ngati 10 atavala bwinobwino, nkufotokoza thupi lake kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati akuuza telala kapena munthu wosaona, popanda mawu oweruza, oipa olo abwino omwe. Mnzanga amene ankasewera mtsikanayo anayamba nkuti miyendo yanga ili ngati timitengo, ine nkuti asisi, amenewo ndi mawu a anthu a pamsika, tanenani zomwe maso akuona. Anakhala chete pang'ono nkuti miyendo ndi yaitali, yopyapyala kumusi, pa bondo lamanzere pali chipsera. Basi. Sananene kuti ndi yokongola ndipo sindinamupemphe kutero. Lamulo lina nlakuti chiwalo chilichonse chipatsidwe nthawi yofanana, chifukwa munthu wotere amathamangira pomwe amadana napo nkukhazikika pamenepo, makutu ndi zala saziona nkomwe. Asanayambe ndi akamaliza amapereka nambala ya nkhawa kuyambira 0 mpaka 10. Tsiku loyamba itha kukhala 8 nkutsika pang'ono chabe, koma akamabwereza imayambira pansipo. Ndinaona ndekha kuti olo poyeserera chabe mawu a mnzanga anasintha, anasiya kunjenjemera atafika pa mapewa.

Chachinayi nkulemba zomwe thupi limachita. Jessica Alleva ku yunivesite ya Maastricht ku Netherlands mu 2015 anapatsa azimayi odana ndi matupi awo ntchito yolemba katatu za zimenezi, mphamvu, kumva ndi kuona, kuchira, luso la manja, kukumbatira ena, komanso chifukwa chake zili zofunika kwa iwo, ndipo anakhutira ndi matupi awo kuposa gulu lina lomwe linalemba nkhani zina. Mtsikana wathu atha kulemba kuti mapapo awa anadwala nkuchira, msana uwu umasenza belo la salaula, mmero uwu umaimba alito. Ndimakonda gawo ili chifukwa palibe bodza lomwe akudziuza, zonse ndi zoona zomwe mtima sungatsutse. Komanso apa ndinaona kuti njira ziwirizi sizili kutali maningi, akatswiri ngati Tracy Tylka akamakamba za kuyamikira thupi amatanthauza kulilemekeza ndi kulisamala, osati kukhulupirira kuti ndiwe chiphadzuwa, ndiye munthu atha kuyamba ndi kungolisiya thupi nkudzafika poliyamikira osakakamizidwa.

Mungadziwe bwanji kuti zikugwira? Osafunsa kuti manje ukudzikonda. Onani ngati wabwerera ku kwaya, ngati watuluka ndi leginzi imodzi, ngati botolo lija walisiya, ngati angakhale pa chithunzi cha gulu osapempha kuti achifufute. Kupewa kukamachepa ndiye kuti zikuyenda olo akamanenabe kuti miyendo yanga sindiikonda.

Koma njira iyi nayo ili ndi pomwe imathera ndipo tinatsutsana kwambiri mkalasi. Amayi ena achikulire omwe timaphunzira nawo, amagwira ntchito ndi anthu olumala, anafunsa kuti nanga amene anafa ziwalo ndi sitiroko kapena amene thupi limamuwawa tsiku lililonse, mukamuuza kuti ganizira zomwe thupi lako limachita simukumulasa pa bala? Ananena zoona. Kwa munthu wotere timakamba zomwe zilipo ngati kupuma, kulawa, kumva mawu a adzukulu, kapena timasiyiratu za ntchito ya thupi nkutsala ndi mfundo yakuti ulemu wake sudalira thupi. China nchakuti kungolisiya thupi kumathandiza mkati mwa munthu koma sikuletsa kondakitala kunyoza mayi wonenepa kuti alipire mipando iwiri, sikuletsa kuti mtsikana wakuda bii azimva kuti oyera ndiwo akongola mpaka kuyamba mafuta oyeretsa khungu okhala ndi haidirokwinoni kapena masiteroidi omwe amapyapyalitsa khungu. Pamenepo pamafunika mawu okweza aja omwe ya kukonda thupi inayamba nawo, kunena poyera kuti khungu lakuda ndi lokongola ndipo kunyoza thupi la munthu nkulakwa. Ine ndikuona kuti imeneyo ndi ntchito ya pagulu, kusukulu, kutchalitchi, kwa alangizi a chinamwali, pomwe mchipinda cha uphungu ndi munthu mmodzi wosweka mtima ndingayambe ndi ya kungolisiya thupi.

Ndipo pali ena omwe njira zonse ziwiri sizikwanira. Ngati munthu akudzisanzitsa akadya, akukana chakudya mpaka kusiya kusamba kumwezi, akutha maola ambiri tsiku lililonse pa chilema chomwe ena sakuchiona nkomwe, kapena wayamba kukamba zodzipha, ameneyo sitimuimika pagalasi tokha, galasi litha kumuwonjezera ululu. Timamuperekeza kwa a zaumoyo wa maganizo ku Chipata Central Hospital, ndipo zikakula amatha kutumizidwa ku Chainama ku Lusaka. Sabata yamawa tikuyamba gawo la matenda a kadyedwe, ndikufuna ndikafunse mmene tingawazindikirire msanga kuno komwe mtsikana akamakana nsima anthu amangoti ndi matama.