Kope la ngongole la pa Lizulu

Mayi wina wogulitsa kachewere pa Lizulu anangotsala pang'ono kutseka geni yake chaka chatha. Mpamba unali K200,000. Ogula anali ochuluka, koma ambiri ankangoti "mundilembe, ndibweretsa pamapeto pa mwezi", iwo osakana poti ndi anthu a mumpingo ndi achibale. Litafika tsiku lokaoda, m'kachikwama munali K60,000 yokha, K140,000 ili m'kope. Alimi a kwa Njolomole salandira kope, amafuna ndalama pamanja.

Chinawapusitsa n'choti matumba ankatha msanga, iwo n'kumati malonda akuyenda. Anapulumukira ku banki m'khonde. Pano amangokongoza phindu la tsikulo, mpamba sakhudza, ndipo amene sanabweze yakale, ngakhale mlamu wawo, amabwerera chimanjamanja.