Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja tsiku loyamba lija

Pulojekiti ya kalasi yathu ya maneti a udzudzu ndapereka dzulo, manje mtima wakhala pansi ndiye ndati ndithokoze poyera, chifukwa tsiku loyamba lija ndikanabwerera panjira pakanapanda anthu ena.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti kulankhula ndi munthu wachilendo kumandivuta kuyambira kale. Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense ayende nyumba 8 ndi fomu ya mafunso 24, usiku wake sindinagone, ndinangokhalira kuwerenga mafunso aja mobwereza mpaka tambala woyamba. Kutacha tinanyamuka m'Chipata kulowera njira ya ku Chadiza, mwezi wa Okutobala dzuwa lake mukulidziwa, 9 koloko isanakwane shati yanyowa kale, sindikudziwa ngati linali dzuwa chabe kapena mantha.

Zikomo yoyamba ipite kwa anyakwawa a mudzi uja. Tinayambira kwa iwo ndi kalata ya kukoleji, anaiwerenga pang'onopang'ono kenako anatifunsa funso limodzi, "mukulemba maina a feteleza?" Titakana anati ndiye mukanene zimenezo pakhomo lililonse musanatulutse pepala, chifukwa kuno munthu akabwera ndi fomu ndi pensulo anthu amaganiza za thandizo, ndipo akaganiza choncho akuuzani kuti alibe kanthu ngakhale ali nako. Anatipatsa mnyamata wotilondolera, ndipo tinagwirizana zoyambira pamjigo, kulumpha nyumba ziwiri n'kulowa yachitatu monga anatiuzira m'kalasi, kuti tisamangosankha nyumba za malata kapena za anthu amene atimwetulira.

Nyumba yanga yoyamba inali ya ambuya ena ake. Ndinaima kunja kwa mpanda mwina mphindi zitatu, odi wakanirira pakhosi. Nditati odi mawu anatuluka ang'ono moti anayamba kundiona ndi galu. Ambuyawo anali pamphasa akusenda nshawa m'lichero, anati lowani mwanawanga, n'kutuma kamtsikana kakanditengere mpando. Apa ndinakumbukira zimene amama anandiuza m'mawa, kuti usakakhale pamwamba wamkulu ali pansi, ndiye ndinakana mpando ndinakhala m'mphepete mwa mphasa. Amama zikomo, mawu amenewo sanali pa fomu koma ndi amene anatsegula zonse.

Mawu opempha chilolezo ndinawawerenga mothamanga pepala likunjenjemera m'manja. Ambuya anangondiyang'ana n'kuti, "Ika pepalalo pansi, undiuze ngati ukuuza ambuya ako." Ndinaliika. Ndinawauza kuti ndine mwana wa sukulu, sindinabweretse chilichonse ndipo palibe chimene chidzabwere chifukwa cha mafunsowa, dzina lawo sindilemba koma nambala chabe, ndipo funso limene sakulifuna akhoza kulikana kapena kundiimitsa pakati. Anati manje ndamva, funsa.

Funso lachitatu ndi limene linandiphunzitsa ntchito yonse. Ndinafunsa kuti pakhomo pano muli anthu angati, iwo anati khumi ndi awiri, ine 12 ndalemba kale ndikuthamangira lotsatira kuti ndithane nazo. Koma ndikuyang'ana nyumbayo zipinda ziwiri, kakhitchini kaudzu pambali, mtima unakana. Ndinakumbukira kuti m'kalasi anati pa fomu iyi banja si onse a magazi amodzi ayi, koma amene amagona pamenepo masiku onse n'kumadya za mumphika umodzi. Ndinachita mantha kubwereza funso kuopa kuoneka ngati ndikuwatsutsa, ndiye ndinangoti, "Ambuya, nsima ya dzulo madzulo munaphikira ndani ndi ndani?" Anayamba kuwerenga ndi zala, iwo eni, mwana wawo wamwamuna wotsiriza, ndi adzukulu anayi. Anthu 6. Enawo bwanji? Mwana wawo wamkazi ndi amuna ake ndi ana awiri ali ndi nyumba yawo kuseri ndipo amaphika paokha, amenewo ndi banja lina pa fomu ngakhale bwalo ndi limodzi. Awiri otsalawo wina ali ku Lusaka wina amagwira ntchito m'tauni m'Chipata, amabwera pa Khirisimasi. Kwa ambuya onsewo ndi apakhomo ndipo sananame, ine ndi amene ndinafunsa molakwika.

Muone kusiyana kwake. Pakhomopo pali maneti atatu. Mulingo umene tinapatsidwa ndi neti imodzi pa anthu awiri alionse. Ndikanasiya 12 ija ndikanalemba kuti banjali maneti ndi operewera kwambiri, neti imodzi anthu anayi, pomwe zoona zake atatu pa anthu 6 ndi okwana ndendende.

Koma nkhani sinathere pamenepo chifukwa kukhala ndi neti ndi kugonamo ndi zinthu ziwiri. Poyamba ndinafunsa kuti "mumagona m'neti eti?" ndipo ndinadzimva ndekha kuti yankho ndawapatsa kale, ndani angayankhe kuti ayi kwa mlendo wa pepala m'manja. Ndinabweza n'kufunsa monga lalembedwera, usiku wathawu ndani anagona m'neti, mmodzimmodzi. Usiku wathawu chabe, osati masiku onse, chifukwa za dzulo munthu amakumbukira pomwe za masiku onse amayankha zimene akuona kuti ndi zoyenera. Zinapezeka kuti opachika ndi awiri, ambuya ndi kamdzukulu kakang'ono m'neti imodzi, atsikana awiri m'inayo. Yachitatu anakanditengera m'thumba ikadali m'pulasitiki mwake, akusungira mvula ikayamba. Anyamata awiri amagona pakhonde chifukwa cha kutentha, opanda kanthu. Ndiye m'neti munagona anthu 4 mwa 6.

Pofunsa zaka za kamdzukulu kakang'ono kaja anatulutsa kadi ya kusikelo yokulungidwa m'kansalu, n'kunena motsitsa mawu kuti mayi ake anatisiya chaka chatha. Pa fomu panalibe malo a zimenezo ndipo sindinadziwe chochita, ndinangoika pensulo pansi ndi kupepesa, tinakhala chete kanthawi nshawa zili m'manja. Anayambanso okha, anati pitiriza mwanawanga dzuwa likupita.

Aphunzitsi anati fomu imodzi ndi mphindi 20, ine inanditengera ola ndi kuposa. Ndisanatsazike ndinayang'ananso tsamba lililonse ndipo ndinapeza mabokosi awiri opanda kanthu pamene pamafunika 0, zimenezi ukazipeza uli kunyumba sungadziwenso ngati unaiwala kufunsa kapena yankho linali palibe. Tsiku limenelo ndinakwanitsa nyumba 4 chabe, zinazo ndinamaliza mawa lake.

Zikomo mnzanga amene tinayenda limodzi, unandidikira pansi pa mtengo wa mango osadandaula ndipo madzulo tinakhala tonse kufananiza mafomu mpaka tinapeza kuti nawenso nyumba imodzi unawerengera wa ku Lusaka. Zikomo aphunzitsi athu posandikalipira nditabwera ndi theka la ntchito, munangofunsa kuti zinayizo ndi zoona? Zikomo asisi pa ndalama ya thiransipoti, ndi mnyamata wotilondolera uja amene anasiya ntchito yake kudimba tsiku lonse.

Ndipo ambuya, ngakhale izi simuziwerenga, adzukulu anu ena ali ndi mafoni mwina akuwerengerani. Nshawa munandiika m'thumba zija ndinakafika nazo kwa amama. Munandifunsa kuti zimene mwalembazi tidzazimva? Anyakwawa avomera, Loweruka likubwerali tikubwera kalasi yonse kudzakuuzani zimene tinapeza, pamjigo pomwe paja.