Khadi la mwana, thumba la bambo

Pa apu ya kholo imene imayang'anira khadi la mwana wanga pali mabokosi atatu a malire: ndalama zogulira kamodzi, za tsiku lonse, ndi za pamwezi. Ine ndinadzaza loyamba lokha. Ndinalembamo 2,000, m'khadimo n'kuikamo 5,000, kenako ndinauza mayi ake modzitama kuti mnyamatayo ndamumanga manja.

Pansi pa mabokosiwo panali kabatani kothira ndalama pakokha: m'khadi mukatsala zosakwana 2,000, apu itenge 5,000 ku akaunti yanga. Ndinakayatsa poganizira tsiku limene mwana angasowe pogwira ali kutali.

Mwanayu masamu a kusukulu amamuvuta, koma awa anawakhoza. Anapeza phukusi la timakobidi ta m'gemu yake la 1,900. Atagula kawiri munatsala 1,200. Apu, pomvera lamulo langa, inathiramo 5,000, zikhala 6,200. Anagulanso katatu, mutsala 500, apu ithiranso. Khadi silinakanepo, chifukwa panalibe kugula kumene kunadutsa 2,000. Malire a kamodzi amangoona kukula kwa ndalama yomwe ikutuluka panthawiyo, alibe nazo ntchito zoti munthu wagula kangati. Foni yanga inali zii, poti mauthenga odziwitsa kholo ndinawazimitsa kalekale, ati amandisokoneza tulo.

Ndinadzidzimukira pamzere wolipira m'sitolo, khadi langa ine mwini litakanidwa.

"Bambo, akuti ndalama n'zosakwanira," anatero wogulitsa, ndi mawu omveka mpaka kukhomo.

Ndinamuuza kuti makina ake ndiwo akudwala. Anayesanso. Makinawo anali bwinobwino. Katundu ndinabweza mmodzimmodzi, anthu a pamzere akundithandiza kusankha ndi maso.

Madzulo omwewo ndinaika malire a tsiku, 2,000, n'kukagona ngati munthu wopambana mlandu. Kutacha ndinapeza 3,800 yatuluka. Pa khadi lathuli tsiku limatha pakati pa usiku, osati pakadutsa maola 24 chigulireni. Mnyamata anagula nthawi ili 11:58, anadikira pang'ono, n'kugulanso 12:02.

"Adadi, lamulo lanu sindinaphwanye," anatero. "Lija linali dzulo."

Chimene chinamugwira n'china. Kabatani kothira pakokha ndinakazimitsa, ndipo tsopano ndalama ndimaika ndekha kamodzi pa sabata, chifukwa malire osabooka ndi ndalama zimene zilimodi m'khadimo. Ndinadzaza bokosi la pamwezi, ndinayatsanso mauthenga, n'kutseka kugula pa intaneti, komwe kuli ndi kabatani kake kosiyana ndi kogula m'sitolo ndi kotapa pa ATM. Akafuna buku la pa intaneti amandipempha, ndimatsegula, akagula ndimatsekanso ali pomwepo.

Mayi ake anangomvetsera zonsezi mwakachetechete, kenako anafunsa ngati apuyo ingathenso kuika malire pa khadi la munthu wamkulu.