Masilaidi a mbiri ya kwaya: mavidiyo tsopano akusewera popanda intaneti

Ntchito yanga yosonkhanitsa mbiri ya kwaya yathu m'masilaidi yafika pomwe ndakhala ndikufuna. Zithunzi zakale ndinamaliza kuzisanja, ndipo masabata apitawa ndakhala ndikulimbana ndi mavidiyo ndi mawu. Holo yomwe tidzaonetsere ilibe intaneti, netiweki ya foni nayonso imabwera mwa apo ndi apo, komanso laputopu yolumikiza ku pulojekita ndi yobwereka. Choncho chilichonse chiyenera kukwana pa fulashi imodzi n'kusewera pa makina omwe si anga. Chomwe ndaphunzira n'chakuti pali mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi vidiyoyo ilidi m'kati mwa fayilo ya masilaidi? Lachiwiri: kodi kompyuta inayo itha kuiwerenga? Lina likhoza kukhala bwino pomwe linzake lili ndi vuto, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Funso loyamba ndi losavuta ukangodziwa poyang'ana. Mu PowerPoint, ukapita pa Insert kenako Video, umapatsidwa njira zingapo. Ya Online Videos imangosunga keyala ya vidiyo ya pa YouTube, ndiye kwa ife ilibe ntchito ngakhale kachithunzi kake kaoneke bwinobwino pa silaidi. Yofunika ndi This Device, yomwe pa PowerPoint yakalepo imalembedwa Video on My PC. Koma ngakhale pamenepo pali pena posamala. Ukasankha fayilo, pambali pa batani la Insert pali kamuvi kotsitsa, ndipo pansi pake pali Link to File. Insert imakopera vidiyo yonse n'kuilowetsa m'masilaidi, pomwe Link to File imangolemba malo omwe vidiyoyo ili pa kompyuta yako. Ukatenga masilaidi okha n'kupita nawo kwina, chithunzi choyamba cha vidiyo chimaonekabe, koma ukadina sichiyenda. Kulowetsa vidiyo m'kati kunayamba ndi PowerPoint 2010, pomwe ya 2007 inkangoloza komwe vidiyo ili. N'chifukwa chake masilaidi akale omwe mnzanga wina wa m'kwaya anandipatsa anali ndi mavidiyo osayankha, popeza mafayilo enieniwo anatsala pa kompyuta yomwe inafa kalekale.

Njira yotsimikizira yomwe ndaikonda kwambiri ndi iyi. Fayilo ya .pptx kwenikweni ndi mtolo wa mafayilo opanikizidwa pamodzi. Ndimakopera fayiloyo, kopeyo n'kuisintha mapeto a dzina kuchoka ku .pptx kupita ku .zip, kenako n'kuitsegula ngati foda. M'kati muli foda ya ppt, m'menemo muli ina ya media, ndipo vidiyo iliyonse yolowetsedwa imapezeka mmenemo ndi dzina ngati media1.mp4. Ngati mulibe, ndiye kuti ili kunja. Kukula kwa fayilo kumanenanso zoona: masilaidi a 3 MB sangakhale atameza vidiyo ya 50 MB. Komanso pa File kenako Info, mawu oti Edit Links to Files akaoneka, dziwa kuti pali china chomwe chikudalira fayilo yakunja.

Funso lachiwiri ndi lomwe landidyera nthawi, ndipo ndikhalapo pang'ono. Tili ndi vidiyo ya mphindi zitatu yomwe mtsikana wina wa m'kwaya anajambula ndi iPhone tikuimba pa ukwati. Pa laputopu yanga inalowa mu silaidi n'kusewera bwino. Nditaiyesa pa laputopu yobwerekayo, ya Windows 10, mawu ankamveka koma chithunzi chinali bii. Ndinatsegula mtolo uja, vidiyo inalimo yathunthu. Vuto silinali kusowa kwa fayilo ayi, linali kodeki, kutanthauza njira yomwe chithunzi chapanikizidwira kuti chichepe. Dzina la fayilo, kaya .mp4 kaya .mov, lili ngati thumba chabe, silinena zomwe zili m'kati. Mafoni ambiri atsopano amajambula ndi HEVC, yomwe imatchedwanso H.265, chifukwa imasunga malo. Makompyuta ena a Windows 10 saiwerenga pokhapokha utaikamo HEVC Video Extensions kuchokera ku Microsoft Store, ndipo kuti uchite zimenezo pamafunika intaneti yomwe ku holo kulibe. Laputopu yanga inali nacho kale chowerengera chimenechi, n'chifukwa chake sinaonetse vuto.

Pali chinthu chimodzi chonyenga pamenepa. Vidiyo yomweyo pa laputopu yobwerekayo inkasewera bwino mu VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo. Zimenezi sizitsimikizira kanthu, chifukwa VLC imayenda ndi makodeki akeake, pomwe PowerPoint imadalira omwe ali mu Windows. Komabe VLC ndi yothandiza pofufuza. Ukatsegula vidiyo n'kupita pa Tools kenako Codec Information, imakuuza chomwe chili m'thumbamo. Ukaona HEVC kapena H.265, sintha. Chomwe ukufuna ndi H.264 pa chithunzi ndi AAC pa mawu, m'fayilo ya .mp4, ndipo ndi zomwenso eni ake a Microsoft amalangiza.

Ndinasintha ndi ffmpeg, pulogalamu yaulere yomwe ukangoitsitsa kamodzi safunanso bandulo:

```
ffmpeg -i kwaya.mov -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -crf 23 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k kwaya.mp4
```

Mzerewu ukuoneka wautali koma mfundo zake ndi zochepa. Mbali ya `libx264` ikusandutsa chithunzi kukhala H.264. Ya `scale=-2:720` ikutsitsa msinkhu wa chithunzi kufika pa mizere 720, ndipo mulifupi mukudziwerengera mokha. Nambala ya `-crf` ikakwera fayilo imachepa koma chithunzi chimayamba kuwonongeka, ndipo 23 ndi poyambira pabwino. Mbali ya `yuv420p` musaisiye, chifukwa mafoni ena amajambula mitundu mozama kuposa mmene makompyuta akale angawerengere, ndiye ukhoza kupeza H.264 yomwe ikukanabe kusewera. Amene sakonda kulemba malamulo angagwiritse ntchito pulogalamu yosinthira mavidiyo ya HandBrake n'kusankha Fast 720p30, zotsatira zake n'zofanana ndithu.

Ena angafunse kuti n'kutsitsiranji chithunzi chabwino. Pulojekita ya ku holo ndi yakale, siionetsa kusiyana kwa 720 ndi 1080, ndipo tidzaonetsera pa khoma lopaka laimu. Laputopu yofooka imavutikanso ndi vidiyo yaikulu, chithunzi chimadumphadumpha n'kusiyana ndi mawu. Pa nyimbo ya kwaya zimenezi n'zosapiririka, milomo ikutseka pomwe mawu akupitirirabe. Masamu a kukula ndi osavuta: vidiyo yoyenda pa mamegabiti 2 pa sekondi kwa masekondi 180 ndi mamegabiti 360, ukagawa ndi 8, popeza mamegabiti 8 amapanga 1 MB, zikupereka 45 MB. Yanga inatuluka chapafupi pomwepo. Mavidiyo asanu otero sangafike n'komwe pa 250 MB, ndipo fayilo imatsegukabe mosachedwa.

PowerPoint ili ndi zida zakezake pa File kenako Info. Optimize Compatibility imakonza mavidiyo omwe ikuona kuti angavute kwina, ndipo Compress Media imawachepetsa. Ndimagwiritsa ntchito yachiwiriyo ndikadula vidiyo ndi Trim Video, chifukwa kudulako kumangobisa mbali zosafunikazo, zimachokeratu pokhapokha ukapanikiza. Koma ine ndimakonda kusintha vidiyo isanalowe mu silaidi. Ndikatero ndimadziwa chomwe ndaikamo, ndipo yoyambirira ija imatsala yosakhudzidwa mu foda ina.

Za mawu zinayenda msanga. Agogo ena omwe anali m'gulu loyambitsa kwayayi anafotokoza mmene zinayambira, ndipo mdzukulu wawo ananditumizira mawuwo pa WhatsApp. Mafayilo amenewa amabwera ngati .opus, ndipo PowerPoint ya pa laputopu ija sinawalandire. Ndinawasandutsa motere:

```
ffmpeg -i agogo.opus -c:a aac -b:a 96k agogo.m4a
```

Kenako Insert, Audio, Audio on My PC. Ndikufuna mawu a agogowo azimveka pomwe zithunzi zisanu ndi chimodzi zikusinthana, ndiye pa Playback ndinadina Play in Background. Batani limeneli limayatsa zinthu zingapo nthawi imodzi: mawu amayamba okha, amapitirira silaidi ikasintha, kachizindikiro ka sipika kamabisika, komanso amabwereza akatha. Kubwerezako n'koyenera nyimbo yapansipansi, osati munthu wamkulu akulankhula, choncho ndinachotsa chizindikiro pa Loop until Stopped. Mavidiyo ndawaika pa Start: Automatically kuti woonetsa asamasakesake mbewa ya kompyuta mumdima.

Kayesedwe kanga tsopano kakhazikika. Ndimakopera fayilo pa fulashi, kuchoka pa fulashi n'kuiika pa laputopu yobwerekayo, chifukwa fulashi yotchipa imachedwa kupereka vidiyo. Ndimathimitsa intaneti yonse ndi Airplane mode, n'kudina F5, n'kuonera kuyambira silaidi yoyamba mpaka yomaliza osadumpha. Fayilo ikatseguka ndi kamzere kachikasu ka Protected View, ndimadina kaye Enable Editing, apo ayi mavidiyo akhoza kukana. Amene amasunga mafayilo mu OneDrive ayang'ane kachizindikiro ka mtambo pambali pa dzina. Kamatanthauza kuti pa kompyutapo pali dzina lokha, fayilo yeniyeniyo ili pa intaneti, ndipo Always keep on this device ndi yomwe imaitsitsa. Mu foda yomweyo ndaikamonso mavidiyo onse paokha pamodzi ndi fayilo yoikira VLC, kuti PowerPoint ikadzavuta tsikulo tidzawaonetsebe.

Chomwe chatsala ndi kotulukira mawu. Ndikalumikiza pulojekita ndi chingwe cha HDMI, Windows imatumiza mawu ku kasipika ka m'pulojekitamo, komwe sikangamveke kupitirira benchi yachiwiri. Chingwe cha VGA sichinyamula mawu n'komwe, ndiye ndi icho mawu amatsala pa laputopu. Njira zonse ziwiri zikufuna kuti nditenge mawu pa kabowo ka mahedifoni kupita ku ampulifaya ya tchalitchi, ndipo ngati tagwiritsa ntchito HDMI ndiyenera kudina chizindikiro cha sipika pansi kudzanja lamanja n'kusankhanso masipika a laputopu. Chingwe cha 3.5 mm chopita ku ampulifaya ndagula kale. Loweruka tikatha kuphunzira nyimbo ndikayesa m'holo momwemo, makamaka mawu a agogo aja, chifukwa anajambulidwa motsika ndipo mwina ndidzafunika kuwakweza ndi `-af volume=2` ndisanawabwezere mu silaidi.