Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Sitetimenti ya Bedi Nambala 9

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene a metroni anandiitanitsa ku ofesi, patatha masiku awiri chivulalire bambo wa pa bedi nambala 9 mu wodi ya abambo, pa chipatala china cha m'boma la Kasungu pomwe ndinkagwira ntchito. Anandiuza kuti akuluakulu a chipatala akhazikitsa komiti yofufuza, ndipo aliyense amene anali pa ntchito usiku umenewo alembe sitetimenti payekha, osaonetsana ndi mnzake.

Ndinalemba usiku wonse, masamba anayi, mtima uli m'mwamba. Ndinafotokoza kuti tinalipo anamwino awiri okha wodi ili yodzaza, kuti bedilo linalibe zitsulo zotchinga m'mbali, ndiponso kuti gadiyani anasiya wodwala wake n'kupita kukaotha moto kunja chifukwa cha chisanu cha mu Juni. A metroni atawerenga, analoza chiganizo chimodzi chomwe chinkati, "Wodwalayo anagwa pa bedi nthawi ya 02:30."

"Asisita, kodi munawaona akugwa?"

"Ayi mayi, ndinawapeza ali pansi kale."

"Ndiye lembani zimenezo. Nanga za gadiyaniyu, munamuona pamoto ndi maso anu?"

Sindinamuone. Ndinachita kumva kwa wodwala wa pa bedi loyandikana nalo. Sanandiuze choti ndilembe, koma anandilola kukhala mu ofesi momwemo ndi failo ya wodwala komanso buku la lipoti la usiku, kuti nthawi iliyonse ndiitenge pa zimene zinalembedwa kale, osati m'mutu. Anandichenjezanso kuti ndisawonjezere kapena kufufuta kalikonse mu failoyo, chifukwa cholembedwa cholowetsedwa pambuyo pa ngozi, popanda kusonyeza tsiku lenileni lomwe chalembedwa, chimaoneka ngati kubisa mlandu ngakhale chitakhala choona.

Sitetimenti yachiwiri inakwana tsamba limodzi ndi theka. Pamwamba ndinaika dzina langa, udindo, nambala yanga ya ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, wodi, ndi nthawi yomwe ndinalowa ndi kuweruka. Pakati pake panali motere:

"Nthawi ya 22:00 ndinayeza wodwalayo, bambo wa zaka 68 amene anagonekedwa chifukwa cha sitiroko yomwe inafooketsa mbali ya kumanja. Bipi inali 170/100, ndipo ankayankha bwino. Gadiyani analipo. Nthawi ya 02:15 ndinadutsa pa bedi lawo ndipo anali mtulo. Cha m'ma 02:40, ndili pa bedi nambala 3 kusintha diripi, ndinamva phokoso. Ndinawapeza atagona chafufumimba pansi, kumanja kwa bedi, ali ndi bala lotalika pafupifupi masentimita 3 pamwamba pa diso lakumanja. Sindinawaone akugwa. Gadiyani panalibe. Wodwala wa pa bedi nambala 10 anandiuza kuti bamboyo amafuna kupita kuchimbudzi. Ndinapsinja balalo ndi bandeji, ndinaitana mnzanga, ndipo titaona kuti khosi silikuwapweteka tinawabwezera pa bedi. Nthawi ya 02:50 bipi inali 180/105, mtima unkagunda ka 96 pa mphindi, ndipo pa mlingo wa Glasgow anali pa 15. Nthawi ya 02:55 ndinaimbira a kiliniko, omwe anafika 03:20 n'kusoka balalo."

Mlingo wa Glasgow umasonyeza mmene wodwala alili tcheru ndi mmene akuyankhira, ndipo 15 ndiye pamwamba penipeni. Mawu akuti "cha m'ma" ndinawaika dala. Panthawiyo sindinayang'ane wotchi, popeza manja anali pa diripi, choncho 02:40 inali yongoyerekeza kuchokera pa 02:50 yomwe inali pa tchati. Nthawi yongoyerekeza ukailemba ngati yotsimikizika, kenako n'kusemphana ndi ya mnzako, komiti imayamba kukayikira zonse zimene walemba. Za zitsulo za bedi ndi chiwerengero cha anamwino sindinazichotse, koma ndinazilemba popanda dandaulo: bedi linalibe zotchinga, ndipo pa shifitiyo tinalipo awiri.

Chinandivuta kwambiri chinali chiganizo chimodzi. A kiliniko analamula kuti wodwalayo aziyezedwa mphindi 30 zilizonse, chifukwa munthu amene wamenyetsa mutu akhoza kuoneka bwinobwino pomwe magazi akukha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, ndipo zizindikiro zake, monga kuwodzera kwambiri, kusanza, kapena kamwana ka diso limodzi kukula kuposa kanzake, zimadza mochedwa. Pa tchati panalembedwa 03:30, 04:00, kenako 05:10. Pakati apo ndinali ndi mnyamata wina amene anabwera akukomoka. Ndinalakalaka kudumpha malo amenewo, koma tchati inali kale m'manja mwa komiti, choncho ndinalemba kuti, "Nthawi ya 04:30 ndi 05:00 sindinawayeze, ndinali kuthandiza wodwala wa pa bedi nambala 14. Nthawi ya 05:10 pa mlingo wa Glasgow anali pa 13, ndipo ndinaimbiranso a kiliniko." M'mawa mwake bamboyo anatumizidwa ku Kamuzu Central, ku Lilongwe.

Ndinasaina tsamba lililonse, n'kuika tsiku, ndipo ndisanapereke ndinasiyako kope yanga. Lachisanu ndinakaonekera pamaso pa komiti, ndipo funso loyamba la tcheyamani silinali la kugwako, koma la mphindi 70 za pakati pa 04:00 ndi 05:10. Zimene ndinayankha ndidzazifotokoza m'gawo lotsatira.