Thupi la mayi linatsala m'kompyuta

Nsalu yanga yojambulira ndinayamba kuipachika pafupi ndi msika wa Zomba nthawi ya Kamuzu. Wolemba zikwangwani wina wa ku Chinamwali anandipentera nyumba yosanja, phiri ndi ndege. Ndegeyo inkaoneka ngati chambo chonenepa, koma anthu ankaima pamzere, ena kubwereka jekete langa lomwe. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ndipo munthu ankadikira kuti ithe kaye ndikatsukitse.

Mafoni atabwera, mzere uja unatha. Mdzukulu wanga anati, "Agogo, chambo chanuchi chipumeko. Gulani nsalu yobiriwira yopanda maluwa." Akuti kompyuta imafufuta chilichonse cha mtundu wa nsaluyo n'kuikapo malo amene munthu wasankha. Anandilangiza kuti ndiziisita, chifukwa makwinya ndi mthunzi zimasiya zigamba pachithunzi. Anatinso wojambulidwa aziima mapazi angapo kutsogolo, apo ayi kubiriwirako kumamuwalira m'makutu ndi m'tsitsi. Langizo lalikulu sanalitchule. Kaya ankayesa kuti agogo ake ali ndi nzeru.

Tsiku lina iye ali kusukulu, kunabwera mayi wina wa ku Matawale. Ankafuna chithunzi chotumizira amuna awo ku Joni, "kuti aone kuti kuno sitikuvutika." Anasankha nyanja, ya mchenga ndi bwato. Anali atavala diresi yatsopano, yobiriwira ngati chimanga chothira feteleza kawiri, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinaiyamikira.

Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba. Ndinangotsatira kapepala ka mdzukulu, dinani apa, dinani apo, n'kusindikiza zithunzi zitatu, m'envulopu tseke.

Mayi aja anatsegula pomwepo. Anakhala duu.

Pamwamba pa nyanja pankayandama mutu wovala duku, ukumwetulira. Cham'munsi panali manja awiri opanda mwini, lina litagwira kachikwama. Pamene panayenera kukhala chifuwa pankadutsa bwato, msodzi ali m'kati. Mapazi anaima paokha pamchenga, nsapato zili phuliphuli.

"Bambo, thupi langa mwaliika kuti?"

Ndinati lilimo m'kompyutamo, tilipeza. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Mnyamata wogulitsa mbatata anakuwa kuti mdala wa zithunzi wayamba kukhwima, akusunga matupi a anthu, ndipo okwera minibasi za ku Liwonde anatsika kudzaona.

Ndalama ndinabweza. Kenako ndinafunyulula nsalu yanga yakale, yomwe mbewa zinali zitaboola pakhomo la nyumba yosanja ija, n'kuwaimika mayiwo pabowo penipenipo. Diresi inatuluka yonse, mpaka mabatani.

Patatha sabata anadutsa akupita kumsika.

"Bambo aja chithunzi achiona. Akuti ndanenepa bwino, koma akufunsa kuti chambo chachikulu chonchija tinachipeza kuti."